Ndiwo zamasamba kapena nkhuku: kukonzekera Januwale ku Lusaka

Mvula ikagwa, ganyu ya zomangamanga imachepa ku Chawama, pomwe sukulu zikutsegulira ndipo ufa wakwera mtengo. Ndiye tidalire chiyani?

Nkhuku zoyera zimakula m'masabata 6. Mukagula anapiye pakati pa Novembala, mumagulitsa pa Khirisimasi ogula ali ndi ndalama m'thumba. Koma zimadya kwambiri, ndipo chitopa chikalowa m'khola, mudzaona zikusinza mapiko ali pansi, mpamba wonse n'kupita. Katemera musamuiwale.

Kuoda ndiwo ku Soweto Market sikufuna mpamba waukulu, ndipo madzulo aliwonse pamakhala ya ufa. Vuto ndi lakuti nthawi ya dzinja chibwabwa ndi bonongwe zimamera paliponse, mitengo imagwa, zotsala zimafota.

Ine ndimasankha nkhuku, koma phindu ndimagulira ufa ndi makala tsiku lomwelo, Januwale asanafike.