Mameshi angakuikeni pa mzere wa odwala TB

Amayi anzanga amene mukufuna viza ya ku UK yokhala kupitirira miyezi 6, mukudziwa kale kuti mudzajambulidwa ekisire ya pachifuwa. Chimene maejenti sanena n'chakuti tsitsi loluka limatuluka pa chithunzicho.

Ine ndinajambulidwa ku Joni, nditaluka mameshi ofika pamsana. Ejenti anali atandidya kale R2,500, ati zonse zili momwemo. Chithunzi chitasonyeza mthunzi woyera pamwamba pa phapo lakumanja, malo amene TB imakonda, bamboyo anasintha mawu: ndiwonjezere R4,000 kuti "akonze" zotsatira. R4,000! Munthu wosadziwa n'komwe kuwerenga ekisire.

Anandipulumutsa ndi dokotala wina wachikulire, yemwe sanandipemphe kanthu. Anandionetsa kuti mthunziwo sukuthera m'phapo. Unkadutsa nthiti n'kukwera mpaka m'khosi, ndipo unali ndi mizeremizere yopotana. Matenda a m'phapo, iwo anatero, sangatulukire kunja kwa nthiti. Anandiuza kuti ndimange tsitsi lonse pamwamba pa mutu, anajambulanso, mthunzi uja osaonekanso.

Akanapanda kuona zimenezi, ndikanapereka makhololo m'mawa masiku atatu otsatizana, kenako kudikira mpaka masabata 8 kuti aone ngati tizilombo tamera. Bwana amene wakulonjezani ntchito sadikira masabata 8, musadzinamize. Lendi nayo sidikira.

Tcheni cha m'khosi, mawaya a kamisolo ndi mabatani achitsulo sizisokoneza kwambiri, chifukwa chitsulo chimawala mbee ndipo m'mphepete mwake mumaoneka bwino. Vuto lake chimaphimba zimene zili kumbuyo kwake. Zoopsa ndi zinthu zosawala kwambiri: mfundo ya mpango, mikanda, chithumwa chosokerera m'nsalu. Izi zimaoneka ngati kachotupa. Chithumwacho chivuleni, palibe amene akufunseni za icho. Ngati munachita ngozi ndipo anakuikani chitsulo pafupa la paphewa, chimenecho simungavule, choncho nenani asanajambule ndipo tengani kalata ya opaleshoni.

Za mpweya musazitenge mopepuka. Akati kokani mpweya wambiri, gwirani, chitani zomwezo. Mukakoka pang'ono, mtima umaoneka wotupa ndipo m'munsi mwa mapapo mumayera ngati chibayo. Mukagwedezeka, chithunzi chonse chimachita chimbuuzi. Ngati Chingerezi cha wojambulayo chakuthamangirani, muuzeni abwereze asanadine batani.

Koma musamvere pano n'kumati mthunzi uliwonse ndi mameshi. Mukajambulidwanso tsitsi lili m'mwamba, mthunzi n'kukhalabe pomwepo, kaperekeni makhololo osakangana ndi dokotala. TB imachizika, ndipo ejenti amene akuti akugulirani satifiketi yosonyeza kuti mulibe TB akukugulitsani pepala labodza limene lingakutsekereni viza kwa zaka. Satifiketi yeniyeni imagwira ntchito miyezi 6 yokha, ndiye musathamangire kukajambulitsa mapepala ena asanakonzeke, mungadzalipire kawiri.