Maphunziro a njira ya Schenker: andithandiza kuwerenga zithunzi, koma afupikitsa mfundo yaikulu

Ndine wophunzitsa kwaya ndipo ndinakulira pa solofa, manoti a pa sitafu ndinawadziwira kuukulu. Ndinagula maphunzirowa, omwe ndi kabuku kosindikiza wekha pamodzi ndi timawu tomvetsera, pofuna kumvetsa zithunzi zosonyeza chimango cha nyimbo m'njira ya Heinrich Schenker, katswiri wa nyimbo wa ku Vienna amene anamwalira mu 1935. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Phunziro lachitatu ndi limene ndalama yanga inagwirapo ntchito. Muli kanyimbo ka zigawo ziwiri mu kiyi ya C. Chigawo choyamba ndi mi fa mi so mi re, chachiwiri mi fa mi so mi re do. M'chigawo chilichonse besi imakhala pa do mpaka chuni ifike pa re, pamenepo imapita pa so, ndipo kumapeto kwa chigawo chachiwiri imabwerera pa do.

Kabukuka kamakuuza kuti uchotse manoti mmodzimmodzi, uku ukupereka chifukwa. Fa ndiye amayamba kuchoka: wakhala pakati pa ami awiri, ndipo sali m'khodi ya do mi so imene ikulira pansi, choncho ntchito yake n'kukometsera mi basi. So anandivuta kumusiya, pakuti ndiye noti wokwera kwambiri ndipo m'timawu tija amakokedwa motalika. Koma so ali m'khodi yomweyo, chuni yangodumphira pa iye n'kubwerera pa mi. Chotsala ndi mi re, kenako mi re do, zomwe pachithunzi zimalembedwa 3 2 ndi 3 2 1, nambala iliyonse ili ndi kachipewa pamwamba; manoti otsalawa ndiwo mzere waukulu wa nyimbo.

Nanga bwanji osayambira pa so, n'kuti mzere waukulu ndi 5 4 3 2 1? Apa kabukuka kanayankha bwino zedi. Mzere waukulu umatsika sitepe ndi sitepe osadumpha, ndiye ukachoka pa so uyenera kudutsa pa fa. M'chigawo chilichonse fa yekhayo amabwera so asanafike, ndipo so akalira chuni imalumpha fa. Popanda fa wotsikirapo, kuwerenga kwa 5 kwagwa. Muyeso umenewu ndimaugwiritsa ntchito tsopano pa nyimbo zina.

Kalembedwe ka chithunzi kanafotokozedwanso momveka. Noti woyera m'kati sakutanthauza kuti umukoke mabiti awiri ayi. Akutanthauza kuti ndi wa m'chimango cha nyimbo, ndipo timitengo ta manoti otere timalumikizidwa ndi mzere wokhuthala. Manoti akuda opanda timitengo, monga fa ndi so aja, ndi okometsera, ndipo kauta kamawamangirira ku noti amene akumutumikira. Timizere tiwiri toimirira pambuyo pa re woyamba tikusonyeza kuti ulendo wopita ku do wadukizidwa ndipo wayambiranso pa mi. Nditawaimitsa akwaya pa re ameneyo, wa besi wina anati, "Aphunzitsi, apa ndiye sitinafike." Khutu lake linamva zimene timizereto tikunena.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Chaching'ono n'chakuti zithunzi n'zothinana: ukasindikiza, manoti oyera ndi akuda amaoneka ngati amodzi, chonsecho kusiyana kwawo ndiye phunziro lonse.

Chachikulu n'chakuti zimene Schenker ankanena zangopatsidwa ndime imodzi. Iye sankangopereka njira yofupikitsira chuni. Ankati nyimbo yolukidwa bwino ya m'kiyi, kaya ndi yaitali bwanji, ndi khodi imodzi ya do mi so yotambasulidwa m'nthawi: pamwamba mzere wotsika kuchokera pa 3, pa 5 kapena pa 8 kufika pa 1, pansi besi yoyenda do so do. Ankati khodiyo ndi yochokera m'chilengedwe cha liwu lenilenilo, ndipo umboni wake ankautenga makamaka kwa opeka nyimbo monga Bach, Mozart, Beethoven ndi Brahms. Nyimbo zosalowa m'chimangochi ankaziona zoperewera, ndipo maganizo ake okweza Ajeremani pamwamba pa mitundu ina ndi odziwika. Kabukuka kali chete pa zonsezi, ndipo wophunzira angaganize kuti 3 2 1 ndi lamulo la nyimbo zonse.

Pa nyimbo za m'buku la kutchalitchi za mawu anayi njirayi imagwira ndithu. Nditayesa pa makolasi athu ozungulira makhodi omwewo, a mtsogoleri ndi ovomera, chithunzi chinataya kugunda ndi kulandizana, zomwe ndi zimene zimanyamula nyimbozo. Amene akufuna kugula akhale akudziwa kale sitafu ndi makhodi a I ndi V, chifukwa mulibe solofa ngakhale tsamba limodzi; ine ndinachita kulemba ndekha ndi pensulo pansi pa noti aliyense.