Pamanja, SymPy kapena kuphatikiza madontho: njira iti ikupatsani makowefishenti a Fourier odalirika?

Mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi munthu sugona popanda fani. Yanga ndikailumikiza ku inveta yotchipa ya sola imazungulira ndithu, koma imalira ngati muli njuchi, pamene pa magetsi a mu mzere imayenda mwakachetechete. Mphwanga amene akuphunzira zamagetsi anabwera ndi funso la m'kalasi lokhudza kuwerengera makowefishenti a Fourier, ndipo ndinamuuza kuti yankho lake ndi lomwelo likulira m'faniyo. Tinaliwerengera m'njira zitatu. Mayankho sanafanane poyamba, ndipo kusiyana kwakeko ndi kumene ndikufuna tikambirane.

Funde limene tinatenga ndi la inveta yachikale kwambiri: theka loyamba la mzungulo lili pa +1, theka lachiwiri lili pa −1, popanda kupendekera. Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho mzungulo umodzi umatenga mamilisekondi 20, koma powerengera timautambasula kuti x ayende kuchokera pa 0 kufika pa 2π. Fourier, m'buku lake la za kutentha la mu 1822, ananena kuti funde lobwerezabwereza lingalembedwe ngati mulu wa masayini ndi makosayini. Ntchito yathu ndi kupeza kukula kwa chilichonse, ndipo manambala amenewo ndiwo makowefishenti aja:

```
a_n = (1/π) ∫ f(x) cos(nx) dx,   x: 0 → 2π
b_n = (1/π) ∫ f(x) sin(nx) dx,   x: 0 → 2π
```

Chinsinsi chake n'chakuti mukachulukitsa sin(mx) ndi sin(nx) n'kuwonkhetsa pa mzungulo wathunthu, zapamwamba ndi zapansi zimadyana mpaka kutsala 0, pokhapokha m akhale wofanana ndi n, pamene pamatsala π. Sayini ndi kosayini ndiye amadyana nthawi zonse. Ndiye mukachulukitsa funde lonse ndi sin(3x), zina zonse zimafa, n'kutsala b_3 yekha wochulukitsidwa ndi π. Ndiko kumene 1/π wa kutsogoloyo amachokera. Mawu akuti mzungulo wathunthu muwagwiritsitse, chifukwa mukalekeza panjira kudyanako sikuchitika.

Ndiyambe ndi pepala ndi pensulo. Musanalembe chilichonse, jambulani fundelo. Lathuli mukalitembenuza pa 0 limakhala lomwelo koma chadodolido, f(−x) = −f(x), monga amachitira sayini. Zikatero makosayini onse ndi 0, ndipo theka la ntchito latha musanatole pensulo. Kwa b_n, theka lachiwiri limapereka zofanana ndi loyamba n akakhala wosagawika ndi 2, ndipo limafafaniza loyamba n akakhala wogawika ndi 2. Chotsala ndi intigilo ya sin(nx) kuchokera pa 0 kufika pa π, imene imapereka 2/n kwa n wosagawika ndi 2. Yankho ndi b_n = 4/(nπ), kutanthauza b_1 = 1.2732, b_3 = 0.4244, b_5 = 0.2546. Mu fani yanga, b_1 ndiye wa 50 Hz amene amazunguza mapiko, ndipo b_3 ndi b_5 ndi a 150 Hz ndi 250 Hz, amene ntchito yawo yaikulu ndi kutenthetsa mota ndi kuiliza.

Chimene ndimakondera njira imeneyi chimaoneka mukasintha funso pang'ono. Mainveta ambiri otchipa a masiku ano sadumpha kuchoka pa −1 kufika pa +1 nthawi imodzi, amayamba apuma pa 0. Titchule kupumako α mbali iliyonse. Malire a intigilo amangosintha kukhala α ndi π − α, ndipo yankho limakhala b_n = (4/(nπ)) cos(nα). Tsopano yang'anani fomulayo bwino. Mukaika α pa madigiri 30, cos(3α) ndi kosayini wa madigiri 90, amene ndi 0. Funde la 150 Hz latheratu, pamene b_1 wangotsika kufika pa 1.1027. Mndandanda wa manambala sukanakuuzani kuti pitani pa madigiri 30. Fomula ndi imene yakulozerani. Kuipa kwa pamanja n'kodziwika: chizindikiro cha kuchotsera chimasowa mosavuta, makamaka pa cos(nπ), ndipo funde likakhala ndi x² kapena zidutswa zisanu, munthu umatopa n'kuyamba kulakwitsa.

Apo ndiye pamalowa SymPy, ya mu Python, imene ndi yaulere ndipo ikakhala mu laputopu safunanso bandulo:

```
from sympy import symbols, integrate, sin, pi
x = symbols('x')
n = symbols('n', integer=True, positive=True)
b = (integrate(sin(n*x), (x, 0, pi))
     - integrate(sin(n*x), (x, pi, 2*pi))) / pi
print(b.simplify())
```

Imakubwezerani fomula yokhala ndi `(-1)**n`, yofanana ndi yathu ija. Mzere wachitatuwo musauchepetse. Mukapanda kuiuza kuti n ndi nambala yathunthu yoposa 0, siidziwa kuti cos(nπ) ndi +1 kapena −1 basi, ndipo imakupatsani chiyankho chotalika chokhala ndi nthambi. Pali msampha wina umene umagwira onse, wa pamanja ndi wa pa makina. Funde lenilenilo likakhala ndi sayini mkati mwake, monga limene limatuluka pa dayodi imodzi, pansi pa fomula pamabwera 1 − n². Pa n = 1 pamenepo pali 0, ndiye fomula yonseyo siigwira, ndipo muyenera kuwerengera n = 1 payekha. Pa funde la dayodi limenelo b_1 ndi 1/2, ndipo ndi sayini yekhayo amene alipo, choncho womuiwala wataya gawo lalikulu ndithu. Ine SymPy ndimaitenga ngati mboni: ndiwerengere ndekha, iyo itsimikize. Wophunzira amene amayambira pa iyo amapeza yankho koma pa mayeso alibe poyambira.

Njira yachitatu ndi imene inatisokoneza, ndipo ndikhalitsapo. M'malo mwa intigilo, mumadula mzungulo m'madontho N otalikirana mofanana, n'kuphatikiza: b_n ndi 2/N kuchulukitsa ndi chiwonkhetso cha f(x) sin(nx) pa madonthowo. Mu Excel ndi ndime ziwiri ndi SUMPRODUCT. Mphwanga anatenga madontho 8, ndipo pa malo odumphira awiri aja anaika 0, pakati pa +1 ndi −1, monga kuyenera. Manambala ake anali 0, 1, 1, 1, 0, −1, −1, −1. Anapeza b_1 = 1.2071, amene sali kutali ndi 1.2732. Koma b_3 anatuluka 0.2071, osafika ngakhale theka la 0.4244, ndipo b_5 anatuluka −0.2071. Iye anayamba kufufuza cholakwika m'maselo, koma munalibe cholakwika chilichonse.

Chimachitika n'chakuti pa madontho 8 okha, sin(5x) ali ndi manambala omwewo a sin(3x), ongotembenuzidwa chizindikiro, ndipo sin(11x) ali ndi omwewo ndendende. Madonthowo sangawasiyanitse. Choncho chimene chimatuluka pa dzina la b_3 ndi b_3 − b_5 + b_11 − b_13 mpaka kutsogolo. Yesani: 0.4244 − 0.2546 + 0.1157 − 0.0979 ndi 0.1876, ndipo mukapitiriza mumayandikira 0.2071. Mafunde othamanga avala zovala za oyenda pang'onopang'ono. Ndiye lamulo loyamba ndi lakuti n asafike pa N/2, ndipo lachiwiri, limene ambiri amaiwala, ndi lakuti ngakhale n ali pansi pa N/2 yankho limakhala loipitsidwa ngati funde lili ndi podumpha, chifukwa makowefishenti ake amachepa mochedwa, ngati 1/n. Pa funde losalala njira yomweyi imafika pa yankho msanga modabwitsa.

Mungadziwe bwanji popanda fomula yofananitsira? Wirikizani N muone ngati nambala ikusuntha. Pa madontho 16, b_3 anakwera kufika pa 0.3742. Pa 64 anafika pa 0.4213, ndipo b_1 pa 1.2722. Nambala imene ikusunthabe mukawirikiza madontho musailembe ngati yankho.

Mu NumPy, ya mu Python yomweyo, zonsezi ndi mizere yochepa, pogwiritsa ntchito njira yachangu imene Cooley ndi Tukey anafalitsa mu 1965:

```
import numpy as np
N = 64
x = 2*np.pi*np.arange(N)/N
f = np.sign(np.sin(x))
f[N//2] = 0
c = np.fft.rfft(f)
a, b = 2*c.real/N, -2*c.imag/N
```

Mzere wa `f[N//2] = 0` uli ndi nkhani yake. Kompyuta siisunga π wathunthu, ndiye `np.sin(np.pi)` satuluka 0 koma kanambala kakang'onong'ono, pafupifupi 1.2e-16, ndipo `np.sign` amakatenga ngati +1. Dontho limodzilo limabala makosayini abodza a kukula 2/N. Pa madontho 8 ndi 0.25, kuposa b_3 amene tinapeza uja. Amene anajambula funde poyamba n'kudziwa kuti makosayini ayenera kukhala 0 amazindikira pomwepo. Amene sanajambule amangokopera. Onaninso chizindikiro cha kuchotsera pa b: mukachisiya, masayini onse amatuluka chadodolido. Mu Excel zogwetsa anthu ndi zina ziwiri: SIN amafuna marediyani osati madigiri, ndipo mukaika dontho la 0 ndi la 2π onse awiri mwawerenga malo amodzi kawiri.

Musaganize kuti ndikuinyoza njira ya madontho. Mukayeza inveta yeniyeni ndi chida, chimene mumapeza ndi mndandanda wa manambala, ndipo palibe fomula yoti muiike mu intigilo. Apo pensulo ndi SymPy zilibe chochita, madontho ndiwo okha angakuthandizeni. Chofunika ndi kudula mizungulo yathunthu. Inveta ikamathamanga pa 49 Hz inu n'kudula mamilisekondi 20 enieni, simunakwanitse mzungulo, kudyana kuja kumalephereka, ndipo b_1 amadonthera mwa anzake onse.

Pali muyeso umodzi umene umagwira pa njira zonse zitatu, wa Parseval. Avereji ya f² pa funde lathu ndi 1, ndipo theka la chiwonkhetso cha b_n² liyenera kufika pa 1 yemweyo. Kuchokera kwa b_1 timapeza 0.8106, kwa b_3 0.0901, kwa b_5 0.0324, zonse pamodzi 0.9331, ndipo zotsalazo zili mwa ang'onoang'ono a kutsogolo. Mukadutsa 1, penapake mwaiwala 1/π kapena 2/N. Pa funde lopuma madigiri 30 lija, avereji ya f² ndi 2/3, ndipo b_1 yekha amatenga 0.6079, kutanthauza magawo 91 pa 100 alionse m'malo mwa 81.

Mphwanga ndinamuuza kuti funso la m'kalasi, la zidutswa ziwiri kapena zitatu, achite pamanja n'kutsimikiza ndi SymPy, ndipo Excel aisungire tsiku limene adzabwereke chida choyezera. Iye akufuna tidzayeze inveta yangayo kuti tione ngati imapuma madigiri 30 kapena ayi. Malinga ndi mmene fani ikulirira usiku uno, ine ndikukayika.