PLC, DCS ndi SCADA: zulani waya muone amene akulamuladi

Anthu ambiri akaona sikirini yojambulapo mapampu ndi mathanki amaganiza kuti ndiyo ikuyendetsa fakitale. Njira yanga yosiyanitsira zitatuzi ndi funso limodzi: mutazula waya wa netiweki wopita ku sikiriniyo, ndani angathimitse pampu?

Tiyerekeze kuti tili ndi thanki yamadzi yotalika mamita 5. Sensa yake yoyeza madzi imatumiza mphamvu ya magetsi ya 4 mA thanki ikakhala yopanda kanthu ndi 20 mA ikadzaza. Tikufuna pampu iziyaka madzi akatsika kufika mamita 1.5, omwe ndi 8.8 mA, ndipo izithima akafika mamita 4.5, omwe ndi 18.4 mA.

Ntchito imeneyi ndi ya PLC, kakompyuta koyendetsa makina. Kachipangizoka kamakhala m'bokosi pafupi ndi makina, ndipo kamangozungulira: kuwerenga zolowa, kuyendetsa pulogalamu, kulemba zotuluka, n'kuyambiranso. Ulendo umodzi umatenga mamilisekondi ochepa kapena makumi angapo. Kanabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene mafakitale a magalimoto ankafuna cholowa m'malo mwa makabati odzaza masiwichi a magetsi otchedwa marile, ndipo Modicon 084 ndi imodzi mwa zoyambirira. N'chifukwa chake mpaka lero imachita bwino pa ntchito za yatsa, thimitsa, dikira, tsegula. Waya wa sensa ukaduka, mphamvu imagwa kufika 0 mA, ndipo pulogalamu yolembedwa bwino imadziwa kuti ndi vuto, osati thanki youma.

SCADA ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyang'anira patali. Imafunsa PLC mobwerezabwereza, mwina sekondi iliyonse, mwinanso patapita nthawi yotalikirapo ngati ndi pa wailesi, kenako imaonetsa manambala, kuliza maalamu ndi kusunga mbiri. Woyendetsa akhoza kusintha malire kuchoka pa 4.5 kufika pa 4.2, koma wothimitsa pampu ndi PLC yomwe ija.

Vuto limayamba munthu akalemba lamulo lothimitsa pampu mu SCADA, poti kumeneko n'kosavuta kusintha. Tinene kuti madzi akukwera masentimita 10 pa mphindi, ndipo netiweki yaduka ali pa mamita 4.2. Pakatha mphindi 3 adutsa malire a 4.5, pakatha mphindi 8 thanki yasefukira. Choipitsitsa, sikirini ikhoza kumaonetsabe 4.2, nambala yomaliza imene inalandira, ngati wojambula sanaikepo chizindikiro chakuti nambalayo yakalamba. Mukaona mzere wa mbiri wawongoka ngati rula pamene pampu ikulira, kayikirani kulumikizana musanakayikire sensa. Mankhwala ake ndi nambala ya mu PLC yosintha sekondi iliyonse. Ikaima, SCADA ilize alamu. Lamulo lothimitsalo libwerere kwawo, mu PLC.

Pali kamsampha kenanso. PLC ndi SCADA chilichonse chili ndi kaundula wakewake wa mayina, ndipo mumazilumikiza nokha. Pa Modbus, imodzi mwa njira zimene zipangizozi zimalankhulirana, malo osungira nambala amatchedwa rejisita, ndipo rejisita yolembedwa 40001 m'buku imakhala adiresi 0 pa waya. Mukaphonya ndi imodzi, sikirini imaonetsa nambala yooneka bwinobwino koma ya chinthu china. Ameneyu ndi mdani wotayitsa anthu tsiku lathunthu.

Apa ndi pamene DCS imasiyanira. Sikuti ndi PLC yaikulu chabe. Imagulidwa ngati chinthu chimodzi: makontirola omwazikana m'fakitale, masikirini, maalamu ndi mbiri, zonse zikutunga pa kaundula mmodzi. Mukapanga dzina la sensa ya thanki kamodzi, kawindo kake ndi maalamu ake zimabwera pamodzi. Honeywell TDC 2000 ndi Yokogawa CENTUM zinatuluka mu 1975, zolunjika ku mafakitale monga oyenga mafuta, kumene kutentha ndi kayendedwe ka zamadzimadzi ziyenera kusungidwa pamlingo usana ndi usiku kudzera m'malupu a PID mazanamazana, omwe amayeza, kuyerekeza ndi mlingo wofunika, n'kukonza mosalekeza. Makontirola ake kawirikawiri amakhala awiriawiri, kuti wina akafa mnzake apitirize, ndipo mukazula waya wa sikirini malupu amayendabe. Liwiro ndiye si lake kwenikweni: lupu yoyenda kamodzi pa theka la sekondi imakwanira valavu, koma osati makina otsekera mabotolo.

Malire a pakati pa PLC ndi DCS masiku ano achita chizimezime, poti PLC imayendetsa PID ndipo ina imakhalanso iwiriiwiri. Komabe pa thanki yathu, DCS ndi kuwononga ndalama, ndipo imakumangirirani kwa wogulitsa mmodzi zaka zambiri. PLC imodzi yakwana. Mathanki akakhala 20 otalikirana makilomita, ikani PLC pa thanki iliyonse ndi SCADA pakati. Ndingayambe kuganiza za DCS pokhapokha ngati malupu achuluka pamalo amodzi, akukokerana, ndipo kuimitsa fakitale ola limodzi kukudula kuposa zipangizozo.