Firiji, chozizira cha makala, kapena jumbo: tomato ndi nthochi tisunge kuti?

Anzanga amene mukukonzekera mayeso a ulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, pali funso limene limagwetsa anthu ambiri ngakhale limaoneka lophweka. Limabwera chonchi: mayi wina wogulitsa pamsika wa Lizulu ali ndi dengu la tomato wokhwima koma wobiriwira, komanso mkoko wa nthochi zosapsa. Ndi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo akufuna katundu wake akhale masiku khumi asanapse. Asunge bwanji? Ambiri amathamangira kulemba kuti aike mufiriji, ndipo malikisi amathera pomwepo.

Tisanayerekeze njira zake, tigwirizane kaye chimene tikulimbana nacho. Tomato ndi nthochi zikathyoledwa zimakhala zikadali zamoyo, zikupuma. Zili m'gulu la zipatso zimene mabuku amazitcha za kilaimakiteriki, kutanthauza kuti zikayamba kupsa kapumidwe kake kamakwera mwadzidzidzi, ndipo zimatulutsa mpweya wambiri wa etilini, C2H4. Mpweya umenewu ndi umene umauza chipatso kuti chifewe, chisinthe mtundu, sitachi asanduke shuga. Chovuta n'chakuti etilini akafika pa chipatso china chokhwima, nachonso chimayamba kupanga wake. Ndiye chifukwa chake agogo athu akamavundika nthochi ankaponyamo peyala kapena nthochi imodzi yakupsa. Lalanje ndi chinanazi sizili m'gululi, sizionjezera kutsekemera zikachoka mumtengo. Choncho njira iliyonse yosungira tiifunse mafunso atatu: ikuchita chiyani ndi kutentha, ndi chinyezi, ndi etilini?

Tiyambe ndi firiji. Ubwino wake ndi weniweni, chifukwa kapumidwe ka chipatso kamachepa pafupifupi ndi theka kapena kuposa kutentha kukatsika ndi madigiri 10. Koma firiji ya m'nyumba imazizira pafupifupi madigiri 4, pomwe nthochi sipirira kuzizira kotsika pansi pa madigiri 13. Imafuna 13 mpaka 14 basi. Ikakhala pansi pa pamenepo, khungu limataya kuwala, limachita mbuu ngati lapakidwa phulusa, kenako limada. Mukasenda pang'ono kakhungu ka pamwamba ka nthochi yobiriwira yotere muona timizere tofiirira tikutsika mulitali mwake. Ndinadzionera ndekha tsiku lina nditaika nthochi zosapsa mufiriji kwa masiku angapo. Nditazitulutsa ndinadikira sabata yathunthu, koma zinangoda kunja, m'kati muli gwa, zopanda kukoma.

Tomato wobiriwira nayenso safuna kuzizira kwambiri, malo ake ndi madigiri 13 mpaka 15. Chimene chimapusitsa n'chakuti ali mufiriji amaoneka bwinobwino. Vuto limaonekera mukamutulutsa: amapsa mwamawangamawanga, khungu limachita timaenje, fungo la tomato limasowa, ndipo nkhungu yakuda imagwira msanga cha pakaphesi. Tomato wofiira kale ndi amene amapirira mpaka madigiri 7 kapena 10 kwa masiku ochepa. Ndiye pamayeso yang'anani kaye kuti funso lanena tomato wa msinkhu wanji. Wokhwima wobiriwira mumamudziwa pomudula ndi mpeni wakuthwa: m'zipinda zake mumakhala madzi oterera ngati therere, ndipo njere zimathawa mpeni, sizidulika. Njere zikadulika ndiye kuti ndi wanthete, sadzapsa bwino ngakhale mumusunge motani.

Chozizira cha makala ndi chimene ine ndimachikonda pafunso la mayi uja. Ndi kabokosi kapena kachipinda kamene makoma ake ndi makala opanikizidwa pakati pa mawaya a sefa awiri, koikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Madzi amadontha kuchokera pamwamba n'kunyowetsa makala, ndipo akamauma amachotsa kutentha m'katimo, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Sichingafike pa kuzizira kwa firiji, ndipo apa m'pamene pali mwayi: pa tsiku lotentha sichingatsike mpaka kuvulaza nthochi. Chimachotsako madigiri angapo, n'kukwezanso chinyezi, ndipo zipatso zimenezi zimafuna chinyezi cha 90 mpaka 95 pa 100 kuti zisanyale. Popeza mphepo imalowa ndi kutuluka m'mipata ya makala, etilini saunjikana.

Madigiri ochepawo musawapeputse. Tomato akamapsera pamalo otentha kuposa madigiri 30 sapanga laikopini, amene amamupatsa kufiira, ndiye amangothera pa chikasu. Amapsa bwino pa 18 mpaka 21. Nthochi za mtundu wa kabuthu nazo zikapsera potentha kuposa madigiri 25 zimafewa m'kati khungu likadali lobiriwira, wogula n'kumazidutsa poganiza kuti n'zosapsa pomwe mawa lake zikhala phala.

Koma chozizira cha makala chili ndi malire, ndipo wolemba malirewo ndi amene amaonetsa kuti wamvetsa. Chimadalira mpweya wouma. Mu Okutobala chimagwira ntchito kwambiri, koma mu Januwale mvula ili m'kati, mpweya uli kale ndi chinyezi, madzi sauma ndipo kuzizira kwake kumachepa. Chimafunanso madzi tsiku ndi tsiku. Makala akauma, mwatsala ndi bokosi wamba.

Njira yachitatu ndi kumanga zipatso mujumbo ya pulasitiki. Apa maganizo ndi akuti zipatso zikamapuma zimachepetsa okosijeni n'kuchulukitsa CO2 m'jumbomo, ndipo zonse ziwirizi zimachedwetsa ntchito ya etilini. Pa nthochi zobiriwira kwenikweni zimathandiza, makamaka mukaikamo kapaketi ka potaziyamu pamanganeti, KMnO4, womwetsedwa mu chinthu chouma, wosakhudza chipatso. Mankhwala amenewa amaphwanya etilini, ndipo akatha mphamvu amasintha mtundu kuchoka pa pepo kukhala ofiirira. Koma pakutentha kwa Okutobala jumbo ndi msampha. Okosijeni amatha msanga, zipatso zimayamba kusasa, mukamasula mumamva kafungo ka mowa, ndipo thukuta la m'jumbo limabweretsa kuola. Mukalowa nthochi imodzi yoyamba kupsa kapena yotunduzika, jumbo yopanda mankhwala ija yasanduka chovundikira. Pa tomato sindingailimbikitse n'komwe.

Tsono yankho la mayi wa pa Lizulu ndingalilembe motere. Athyole kapena apikule m'mawa kusanatenthe, achotse tomato yense wophwanyika, woboola mbozi ndi amene wayamba kusintha mtundu kunsonga, chifukwa chipatso chovulala chimatulutsa etilini wochuluka. Aike m'makireti osaya m'malo mwa dengu lalitali limene a pansi amaphwanyika ndi kulemera kwa anzawo. Asunge m'chozizira cha makala, koma tomato payekha, nthochi pazokha, chifukwa chimene chiyambe kupsa chikokera chinzake. Tsiku lililonse aziyendera n'kuchotsa zimene zayamba. Atalikitsenso utsi wa moto ndi wa injini, popeza nawo umakhala ndi mipweya yofulumizitsa kupsa.

Wofunsa mayeso amakonda kutembenuza funsoli mbali yachiwiri, kuti tsopano mayi uja akufuna nthochi zipse pamodzi Loweruka. Apa mdani uja asanduka wantchito. M'zipinda zopseretsa za malonda amalowetsa etilini wa 100 mpaka 150 ppm, kutanthauza magawo 100 mpaka 150 pa magawo miliyoni a mpweya, kwa tsiku limodzi kapena awiri, pa madigiri 15 mpaka 20, kenako amatsegula kuti CO2 atuluke, chifukwa akaunjikana amachedwetsa kupsa. Mayi uja alibe chipinda chotere, koma angavundike ndi mapeyala akupsa pamalo ozizirirapo, n'kumavundukula kamodzi patsiku kuti mpweya usinthe. Musalembe kabaidi, mankhwala amene ena amapseretsera zipatso, ngati njira yabwino: amatulutsa asetilini osati etilini, amatha kukhala ndi zotsalira za aseniki ndi fosifolasi, ndipo maiko ambiri anamuletsa pa zipatso.