Geti yachitsulo ya pamunda: mahinjesi owotcherera kapena a bawuti?

Ndili ndi mageti awiri ofanana pamunda wanga kuno ku Mangochi, cha kumbali ya nyanja ya Malombe. Onse ndi a mapaipi, mamita 3.6 m'litali ndi mita 1.2 msinkhu, ndipo anawotcherera ndi munthu mmodzi. Kusiyana kwake kunali pa mahinjesi basi. Ya kukhola inawotchereredwa kumzati, pomwe ya kumsewu, yolowera ngolo, inakolekedwa ndi mabawuti a diso okhala ndi mazinga. Onse awiri anagwa mphuno, kutanthauza kuti mbali yotalikira mahinjesi inatsika, mvula yoyamba itangodutsa. Ina ndinaikonza ndekha ndi sipanala tiyi asanazizire, ina inandidyera ndalama ya jenereta.

Geti imagwa mphuno chifukwa kulemera kwake konse kumalendewera mbali imodzi. Yanga imalemera pafupifupi makilogalamu 40, ndipo mahinjesi ake atalikirana masentimita 90. Pakati pa geti ndi mamita 1.8 kuchokera kumzati, choncho hinjesi ya pamwamba imakokedwa ngati mwaikolekera makilogalamu 80 chopingasa, ya pansi n'kumakankhidwa chimodzimodzi. Izi ndi usana ndi usiku, ana asanayambe kukwerapo n'kumayendetsa ngati galimoto.

Mahinjesi owotcherera ndi otchipa, ndipo aliyense wowotcherera pa Boma amawapanga. Wakuba sangawamasule ndi sipanala. Akaikidwa molunjika amatseguka mofewa, sagwedera. Vuto lawo ndi loti palibe pobwezera. Mzati ukangopendekeka pang'ono, kapena chitsulo cha mu hinjesi chikadyeka ndi mchenga, geti imayamba kukwekwesa pansi, ndipo njira ndi imodzi: kudula ndi girayinda n'kuwotchereranso. Kumunda kopanda magetsi zimenezo zikutanthauza kunyamula makina ndi jenereta pa kabaza. Komanso pamene pawotchereredwa penti imapsa, dzimbiri limayambira pomwepo.

Mahinjesi a bawuti ndi ena. Kumzati kumakhala kachitsulo koima, ndipo ku geti kumakhala bawuti yaitali ya diso, yoboola paipi ya m'mphepete, yomangidwa ndi manati awiri, ina mkati ina kunja. Diso limavala pa kachitsulo kaja. Mukasuntha manati, geti imayandikira kapena kutalikira mzati pa hinjesi imeneyo, ndiye mphuno imakwera kapena kutsika.

Geti ya kumsewu itagwa, ndinayeza ndi tepi: mphuno inatsika ndi masentimita 4. Kutalika kwa geti, masentimita 360, n'kowirikiza kanayi mpata wa mahinjesi, masentimita 90. Ndiye sentimita imodzi pa hinjesi imabala masentimita 4 kumphuno. Bawuti yanga ndi M20, yonenepa mamilimita 20, imene nati yake ikazungulira kamodzi imayenda mamilimita 2.5. Kuzungulira kanayi, nkhani yatha. Ndinayamba ndaika njerwa ndi thabwa pansi pa mphuno kuti geti ipepuke, n'kumasula nati ya kumbali ya mzati pa hinjesi ya pamwamba, kenaka kumanga ya kuseri kwa paipi kuti mutu wa geti uyandikire mzati. Ndikanathanso kukankha hinjesi ya pansi kuti italikire mzati, zotsatira ndi zomwezo. Ndinawonjezera kamodzi kachisanu, chifukwa mukachotsa njerwa geti imakhalako pansi pang'ono. Musaiwale kumanganso nati inzake mpaka zigwirane, apo ayi mwera ukamagwedeza geti manati amayenda okha.

Zoipa zake zilipo. Mazinga amagwira dzimbiri, ndipo mukapanda kupaka girizi pakatha mvula ziwiri nati siyendanso. Choipa chachikulu: tizitsulo tonse tiwiri tikaloza kumwamba, anthu awiri amangoinyamula geti n'kupita nayo kwa ogula zitsulo. Mankhwala ake ndi kutembenuza kachitsulo ka pamwamba kaloze pansi. Poikoleka mumayamba mwavalika diso la pansi, kenaka kulowetsa diso la pamwamba kuchokera kunsi musanamange bawuti yake ku geti. Kulemera kumakhala pa hinjesi ya pansi, ya pamwamba ntchito yake ndi kukoka. Kunsonga kwa bawuti kuphwanyeni pang'ono ndi hamala kuti nati isatuluke.

Koma musathamangire sipanala musanadziwe chimene chagwetsa geti. Mangirirani mwala ku chingwe, muulendewetse m'mbali mwa mzati. Ngati mzati wapendekera kumpata, mazinga angokugulirani nthawi, chaka chamawa adzatha. Ngati mzati uli chilili, yezani geti chopingasa kuchokera kona ina kufika kona ya kutsidya, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana ndiye kuti geti yeniyeniyo yapindika. Pamenepo pakufunika chitsulo chokoka, chochokera kona ya pamwamba ya ku mahinjesi kutsikira ku kona ya pansi ya kumphuno, ndipo chiwotchereredwe geti itakwezedwa kale. Miyeso ikafanana, gwedezani mphuno m'mwamba ndi pansi, mukamva kugogoda ndiye kuti hinjesi yadyeka.

Vuto la geti ya kukhola ija linali mzati. Amene anaimika anakumba dzenje lofika m'bondo, m'dothi la makande limene limang'aluka mu Okutobala n'kufufuma mu Januwale, ndipo anakoleka geti m'mawa mwake konkire isanagwire. Titabwereza tinakumba masentimita 90 kuya, 50 mbali zonse, paipi ya mainchesi 4 yowotchereredwa tizitsulo topingasa kunsi, konkire ya muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Inadya thumba limodzi ndi theka. Tinadikira sabata yathunthu tikuthirira madzi. Mzati wa bulugamu sindiutchulanso, chiswe cha kuno mukuchidziwa. Pamwamba pa paipi tsekanipo, madzi a mvula akalowa imadyeka kuyambira mkati.

Mpiringidzo wa pansi uikidwe pomaliza, geti italunjika kale. Ine ndinalakwitsa poyamba, ndinaika dzenje lake geti ili yogwa, nditaikweza chitsulo chinkaphonya ndi chala chimodzi. Chitsulo chozungulira cha mamilimita 16, chotalika masentimita 60, chopindidwa pamwamba kuti pakhale pogwira, chimakwana. Chimayenda m'tizidutswa tiwiri ta paipi towotchereredwa ku geti, ndipo pakhale kokolekapo chikakwezedwa, kupanda kutero chimalima pansi potsegula mpaka kupindika.

Polowera pake pali njira ziwiri. Ena amangoboola konkire, koma dzenje lotere limadzaza mchenga ndi madzi, ndipo kumatope a Febuluwale mumakhala mukutokosa ndi kamtengo. Ine ndinatseka geti, ndinagwetsa chitsulo kuti chilembe pansi, n'kukumba pamenepo. Pansi ndinathira kwale, pamwamba pake ndinaimika kapaipi ka inchesi imodzi kotalika masentimita 20 kosatseka kunsi, n'kuzunguliza konkire kusiya mlomo wake utatulukira pang'ono. Madzi amatsikira m'miyala. Mchenga umalowabe, koma pang'ono. Kapaipi kena ndinakaika pamene geti imafika ikatseguka, kuti mphepo isaibweze ngolo ili pakati. Dziwani kuti mpiringidzo sunyamula geti, umangoiletsa kuyenda. Wofuna kupumitsa mahinjesi aike kamwala ka konkire koti mphuno izikhalapo ikatsekedwa.

Pa kageti ka munthu woyenda pansi, kosaposa mita imodzi, owotcherera ndi okwana, sikalemera. Pa geti ya ngolo ine sindibwereranso ku owotcherera, ndipo ya kukhola ija titaimikanso mzati tinaiika mabawuti a M20.