Kutseka rekodi kapena nambala ya `version`: tisankhe iti?

Tiyerekeze kuti bungwe la alimi a tiyi ku Thyolo lili ndi alembi awiri amene atsegula rekodi ya mlimi mmodzi nthawi imodzi. Wina ali pasikelo, akukonza kulemera kwa masamba kuchoka pa makilogalamu 48 kufika pa 84, pamene mnzake ali mu ofesi ku Luchenza, akusintha nambala ya foni. Ngati pulogalamu imatumiza fomu yonse popanda chitetezo, wa mu ofesi akasunga pomalizira amabwezeretsa 48 uja mwakachetechete, ndipo vutolo limadzadziwika pa tsiku la malipiro.

Njira yoyamba ndiyo kutseka rekodi, kuti woyamba kuitsegula aigwire yekha mpaka atamaliza. Imagwira bwino kumene netiweki ndi yodalirika, koma kuminda, foni ya wapasikelo ikathima ali mkati, rekodiyo imakhalabe yotsekedwa mpaka nthawi imene munaika itakwana, mnzake akungodikira.

Njira yachiwiri sitseka kanthu. Rekodi iliyonse imakhala ndi nambala ya `version`, ndipo alembi athuwa onse aiwerenga ili pa 7. Posunga, aliyense amatumiza nambala imene anaiona:

```sql
UPDATE alimi
SET makilo = ?, foni = ?, version = version + 1
WHERE id = ? AND version = 7;
```

Wapasikelo akasunga, nambala imafika pa 8. Lamulo la wa mu ofesi silipezanso mzere umene `version` yake ili pa 7, choncho silisintha chilichonse, ndipo seva ikatsimikiza kuti rekodiyo ilipobe, osati yafufutidwa, imayankha `409 Conflict`. Kuyerekeza nambalako kukhale mkati mwa `UPDATE` momwemo, chifukwa mukayamba ndi `SELECT` n'kudzalemba pambuyo pake, mnzanu akhoza kulowerera pakatipo.

Ena amaika nambalayi mu header ya HTTP yotchedwa `ETag`, pulogalamu n'kuibweza mu ina yotchedwa `If-Match`, ndipo zikasemphana yankho limakhala `412 Precondition Failed`; woiwala kuitumiza angathe kukanidwa ndi `428 Precondition Required`. Chitetezo chake n'chimodzimodzi. Ine ndimakonda `If-Match` ngati API idzagwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu a anthu ena, popeza ndi lamulo la HTTP lodziwika kale, koma pa pulogalamu ya bungwe limodzi 409 ndi wokwanira.

Ambiri amalakwitsa pa zimene zimatsatira kukanidwako. Pulogalamu ikangotenga nambala 8 yokha n'kutumizanso fomu yakale ija, 48 wabwerera ndipo chitetezo chonse chapita pachabe. Mlembi aonetsedwe zimene mnzake wasunga pambali pa zake, aone kuti makilo asintha, kenaka alembe foniyo pa rekodi yatsopano. Kwa alembi ochepa amene sakumana kawirikawiri pa rekodi imodzi ndingasankhe `version`. Kutseka ndingakusungire rekodi imene anthu ambiri amailimbirana, kumene kukanidwa mobwerezabwereza kungawataitse nthawi.